Chiganizo chimodzi chonena ntchito yanu: yankho kwa wokonza mapampu wa ku Nchalo

"Achimwene, ine ndine mnyamata wa ku Nchalo, ndinaphunzira zamagetsi. Ndimakonza mapampu a sola othirira, mafiriji, komanso ndimaika mawaya m'nyumba. Pa WhatsApp ndi pa chikwangwani changa ndinalemba kuti, 'Katswiri wa zamagetsi wodalirika, timagwira ntchito zonse zapamwamba pa mtengo wotsika.' Koma mafoni a anthu atsopano sakubwera. Ndilembe bwanji chiganizo chimodzi choti munthu adziwe amene ndimawathandiza ndi mmene ndimawathandizira?"

Zikomo achimwene pondilembera. Tengani mawu muli nawowo, mufute dzina lanu, muikepo dzina la kalipentala kapena la makaniko wa njinga zamoto. Kupatula mawu oti "zamagetsi", ena onsewo akumuyenera iyenso. Palibe mmisiri amene angalembe kuti ndi wosadalirika kapena kuti ndi wodula, choncho "wodalirika", "zapamwamba" ndi "mtengo wotsika" sakumuuza wowerenga kanthu kosiyanitsa inu ndi anzanu. Pamene "ntchito zonse" akukupwetekani. Mlimi amene pampu yake yaima safuna munthu wa ntchito zonse, amafunsa anzake kuti, "Ndani amadziwa mapampu kuno?"

Chiganizo chimene mukufunachi kawirikawiri simudzachinena inu. Adzachinena ndi ena, inu kulibe: mayi amene munawakonzera pampu akuuza mnzawo pa chigayo, kapena wa kabaza akuyankha mlendo pa siteji. N'chifukwa chake chiyenera kukhala chachifupi, cha mawu amene anthu amayankhula tsiku ndi tsiku, choti munthu atachimva kamodzi n'kutha kuchibwereza mawa lake.

Tiyambe ndi amene mumawathandiza. Musawaganizire m'mutu. Tsegulani kope lanu la ntchito, kapena mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money, muone ntchito khumi zomaliza zimene munalandirapo ndalama. Pa iliyonse dzifunseni ngati munthuyo analipira osavuta, ngati anakuitananinso, ndiponso ngati anakutumizirani mnzake. Tiyerekeze kuti zisanu ndi chimodzi zinali za mapampu, ndipo eni mapampuwo ndi amene amapatsana nambala yanu. Pamenepo anthu anu mwawapeza.

Komabe kungoti "alimi" sikukwanira, chifukwa m'chigwa muno alimi ndi amitundumitundu. Alipo a nzimbe a ku Kasinthula ndi ku Phata, amene zothirira zawo zimayendetsedwa ndi sikimu. Alipo a thonje ndi mapira odalira mvula, komanso oweta ng'ombe cha ku Ngabu. Onsewa sangakuimbireni. Wanu ndi wa dimba, wolima chimanga chachiwisi, tomato ndi masamba m'chilimwe, amene anagula pampu yekha kapena anasonkherana ndi kalabu. Mutchuleni motero kuti akawerenga adzizindikire.

Mutchulenso malo, ndipo akhale amene mungafikeko ndi njinga yanu n'kubwerera tsiku lomwelo. Kulemba kuti "Chikwawa ndi Nsanje" kumamveka kwakukulu, koma munthu wa ku Marka akakuimbirani, mtengo wa mafuta wokha ungapose wa ntchitoyo, ndipo mudzayamba kukana anthu amene munawaitana nokha. Kuchokera pa Nchalo, msewu wa M1 umakufikitsani pa Dyeratu kumtunda ndi pa Ngabu kumunsi. Ngati mumathera pamenepo, nenani zomwezo.

Tsopano gawo limene ambiri amaphonya, la mmene mumathandizira. Anthu akauzidwa kuti anene phindu la ntchito yawo amalemba zonga izi: "Ndimathandiza alimi kupeza zokolola zochuluka kudzera mu luso la zamagetsi." Awa ndi mawu a m'malipoti a mabungwe. Wogulitsa feteleza angathe kunena theka lake, ndipo mlimi sakuonamo pampu yake. Komanso mukulonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwanu, pakuti zokolola zimadaliranso mbewu, mbozi ndi madzi osefukira. Ena amapita mbali ina, n'kundandalika zipangizo ndi masatifiketi. Zimenezo zili ndi malo ake pa kalata yofunsira ntchito.

Chofunika apa ndi kachitidwe kanu kamene kamamuchotsera munthuyo vuto lenileni. Taganizirani mwezi wa Okutobala, kutentha kwadutsa madigiri 40, chimanga chikumasula, pampu yangoti zii. Mwina mchenga wa mumtsinje wadya mkati mwake, mwina waya wapsa, mwinanso ndi fumbi chabe limene lakuta mapanelo. Mlimiyo sakudziwa, ndipo chimene akuopa ndi kuzula pampu, kuikweza minibasi, kukwera nayo mapiri mpaka ku Blantyre, n'kudikira masiku mbewu zikufota. Ngati inu mumapita ku dimba ndi zida zanu n'kuyeza pomwepo, ndiye mwapeza chonena. Chiganizo chanu chikhoza kukhala ichi:

"Ndimakonza mapampu a sola a alimi a m'madimba, kuchokera pa Dyeratu mpaka pa Ngabu, ndipo ndimabwera ku dimba komweko."

Muona kuti ndaika "ndima-" pamene inu munalemba "tima-". Ngati mumagwira nokha, nenani ngati munthu mmodzi. Kumudzi anthu amafuna kudziwa amene abwere pa munda pawo. Chiganizochi chili ndi zilembo pafupifupi 120, ndiye mukaonjezera nambala ya foni chikukwanabe mu SMS imodzi, imene imatenga zilembo 160. Zimenezi n'zothandiza, chifukwa alimi ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndipo wapampando wa kalabu angathe kuutumiza uthengawo kwa anzake momwe ulili.

Mudzalakalaka kuonjezera kuti "tsiku lomwelo". Mawuwo amakoka anthu ndithu, koma alembeni pokhapokha ngati mumasunga masipeya ofunika kwambiri ndipo njinga ndi yanuyanu. Mukalonjeza tsiku lomwelo n'kufika Lachitatu munthu ataimba Lolemba, kalabu yonse imva, ndipo mawu anu omwe ndi amene adzakutsutseni. Kulonjeza kubwera ku dimba mungakukwanitse nthawi zonse za chilimwe.

Ndikudziwa nkhawa yanu: nanga mafiriji ndi mawaya a m'nyumba? Simukuzisiya. Pa chikwangwani zilembeni pansi, ndi zilembo zazing'ono. Munthu amene mwamudzutsira pampu ndi yemweyo adzakufunseni za firiji ya pa okala ya mkazi wake, ndipo panthawiyo safunanso chikwangwani. Ngati m'dzinja ntchito ya mapampu imachepa kwambiri, mukhoza kukhala ndi chiganizo china cha nyengo imeneyo, koma musaziphatikize ziwirizo kukhala chimodzi chodzaza ndi "komanso".

Musanalipire wolemba zikwangwani, chiyeseni pakamwa. Uzani anthu atatu osadziwa ntchito yanu, monga wa kabaza, mayi wogulitsa tomato pa msika ndi mphunzitsi, ndipo mawa lake muwafunse kuti, "Paja ndinati ndimapanga chiyani?" Akati "mumakonza mapampu ku madimba", chagwira. Akati "ndinu a zamagetsi", ndiye kuti mawu a pampu anamira, asunthireni kutsogolo kapena dulani ena. Kumene anthu amayankhula Chisena kwambiri, pemphani mnzanu wochidziwa bwino akuthandizeni kuchinena m'Chisenamo, muyesenso chimodzimodzi.

Mukachiika, kwa miyezi iwiri kapena itatu ya chilimwe muzifunsa aliyense watsopano kuti nambala yanu waipeza kuti ndipo anamuuza zotani, n'kulemba m'kope. Oimba akamachokera kutali kumene simufika, konzani mawu a malo. Akamafuna kugula pampu yatsopano pamene inu mumangokonza, ndiye kuti pa chikwangwani mawu oti "ndimakonza" akufunika kukula kuposa enawo.