Mndandanda wa m'kalata ufanane ndi zomwe zili mu lipoti la apolisi

"Abale, akuba atithyolera nyumba Lachiwiri usiku. A inshuwalansi akuti ndilembe kalata, nditchule katundu yense amene wabedwa, ndiphatikize lipoti la apolisi. Sindinalembepo kalata yotereyi. Amene munadutsamo, ndiyambire pati?"

Achemwali, pepani kwambiri. Ndangowerenga apa mtima wanga wayamba kugunda ngati zachitika dzulo. Musanalembe liwu ngakhale limodzi, tengani lipoti la apolisilo muliwerenge mzere ndi mzere, muone katundu amene walembedwamo. Ine pamenepo ndi pomwe ndinagwera.

Zanga zinachitika mu Malichi 2024, kuno ku Lilongwe. Tinapita kumaliro a apongozi ku Ntcheu, tinagonako masiku atatu. Pobwera Lamlungu madzulo, geti ili chikhomere bwinobwino, koma titazungulira kuseri tinapeza chitseko cha kukhitchini chili pululu, felemu yang'ambika pomwe analowetsa mgwala, loko ikulendewera pa sikuluwu imodzi. M'nyumba munali matope a nsapato mpaka pabedi. Zovala zonse anazikhuthulira pansi, masutikesi anatenga kuti anyamuliremo katundu wathu yemwe. Pakhoma pomwe panali tivi panangotsala mawaya awiri. Mwana wanga wamng'ono anathamangira kuchipinda kwake, anabwerako atanyamula pilo yekha, akufunsa kuti bulangete lake lili kuti. Ine ndinangokhala pansi pakhonde, chitenje cha kumaliro chili m'chiuno, miyendo itafooka.

Usiku womwewo tinapita kupolisi. Wapolisi akufunsa kuti chabedwa n'chiyani, ine mutu uli mbwee, ndinangoti tivi, laputopu, foni, ndi zina zambiri. Iye analemba zimene ndinanenazo. Sanalakwe. Lipoti litatuluka, ine nditalipira ndi kulandira lisiti, munali tivi, laputopu, foni imodzi, dikoda, kenako mawu akuti katundu wina wosiyanasiyana. Sindinaganize kuti mawu amenewo adzandipweteka.

Patapita masiku anayi ndi pomwe ndinakhala pansi ndi kope, n'kumalowa chipinda chilichonse. Kuba kumaoneka pang'onopang'ono, achemwali. Ukufuna kuphika, silinda ya gasi palibe. Magetsi azima, batire la sola palibe. Ukufuna kusoka yunifolomu ya mwana, mashini osokera amene mayi anga anandisiyira palibe. Mndandanda wanga unafika zinthu 17, zonse pamodzi K3,100,000. Ndinalemba kalata yabwino ndithu, ndinaphatikiza lipoti lija, n'kukapereka.

Kenako kunabwera asesa, munthu amene kampani imatuma kuti adzaone ngati zimene mwalembazo zili zoona ndiponso mtengo wake. Anakhala pampando wanga, kalata yanga kudzanja lamanja, lipoti la apolisi kumanzere, n'kumachonga ndi bolopeni yofiira. Mashini osokera, akuti mu lipoti mulibe. Silinda, mulibe. Batire, mabulangete, mulibe. Ndinamuuza kuti bambo, si awa alemba apa kuti katundu wina wosiyanasiyana? Anayankha osandiyang'ana n'komwe, akuti mawu amenewo akhoza kutanthauza masipuni. Atatero anandifunsa ngati mashiniwo ndinali nawodi. M'nyumba mwanga, ndili pachisoni cha apongozi, munthu kundifunsa ngati ndikunama pa chinthu chimene mayi anga anasokerapo zaka zonse za ubwana wanga. Ndinalowa kuchipinda kukalira, mwamuna wanga ndi amene anatsala naye. Mpaka lero ndikadutsa pa ofesi yawo ndimayang'ana kumbali.

Ndipo anafunsanso loko. Ife tinali titaitana kale kalipentala Lolemba m'mawa, anasintha felemu, loko yothyokayo anataya kudzala. Chithunzi tinajambula chimodzi chokha, cha usiku, chosaoneka bwino. Pangano lathu linkati amalipira ngati pali umboni woti akuba analowa mothyola, ndiye anatizunguza milungu iwiri pa nkhani ya loko yokhayo. Mwayi wake mwamuna wanga anakafukula kudzala n'kuipeza, komanso wapolisi amene anabwera kudzaona malo anali atalemba kuti chitseko chinathyoledwa. Inu musakonze chilichonse asesa asanafike. Komabe simungagone ndi ana m'nyumba yosatseka, akubawo amabweranso, ndiye konzani ndithu, koma yambani mwajambula masana, pafupi ndi patali, ndipo loko, zidutswa za felemu, zitsulo za pawindo zimene anadula, ikani m'thumba musunge. Lisiti la kalipentala nalonso sungani, chifukwa mapangano ena amalipira ndi zowonongeka pothyolapo.

Ndalama zinayenda chonchi, muone pomwe zimathera. Pa K3,100,000 ija anachotsa K700,000 ya zinthu zimene sizinatchulidwe mu lipoti, kutsala K2,400,000. Anachotsanso K400,000 akuti katunduyo anali wogwiritsidwa kale ntchito, tivi ya zaka zinayi siingakhale pa mtengo wa yatsopano. Kutsala K2,000,000. Ndimaganiza kuti zathera pomwepo, ayi. Asesa uja anayendera nyumba yonse, sofa, mabedi, firiji, zimene akuba anasiya, n'kunena kuti katundu wa m'nyumba mwathu yense pamodzi ndi wa K8,000,000, pomwe ife tinalembetsa K5,000,000. Tinalembetsa mu 2022, ndipo chaka chilichonse timangolipira osasintha nambala. Pakati apo kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu m'mashopu inakwera, nambala yathu ili pomwepo. Lamulo lawo ndi lakuti ukalembetsa mtengo wochepa, nawonso amalipira gawo lomwelo la zimene wataya. Ife tinateteza magawo 5 mwa 8, ndiye pa K2,000,000 anatiwerengera K1,250,000. Pomaliza anachotsa ekisesi, ndalama imene mwini wake amasenza yekha pa vuto lililonse, kwa ife inali 10 pa 100. Tinalandira K1,125,000, patatha miyezi inayi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amene anatigulitsa inshuwalansiyo ankabwera yekha kuntchito kwanga chaka ndi chaka kudzatenga cheke, akumwetulira, osanenapo ngakhale kamodzi kuti mayi, kwezani mtengo wa katundu wanu. Tsiku la mavuto foni yake inkangoitana. Ndikapita ku ofesi, akuti fayilo ili kwa abwana, bwerani Lachisanu. Lachisanu, akuti abwana ali ku msonkhano. Ndalama za minibasi zokha zimene ndinathera pamenepo ndikanagula bulangete la mwana uja.

Ndiye inu chitani izi. Ngati m'lipotimo muli mawu ophatikiza ngati anga aja, kapena mwazindikira zina zosowa mutapereka kale sitetimenti, bwererani kupolisi ndi mndandanda wolemba, mukapeze wapolisi amene akufufuza nkhani yanu, mumupemphe kuti muwonjezere sitetimenti ndipo lipoti litchule chinthu chilichonse ndi dzina. Pitani mawa, musadikire ngati ine, chifukwa mukawonjezera asesa atabwera kale zimaoneka ngati mukupeka.

Kalatayo isakhale yaitali. Pamwamba dzina lanu, keyala, foni ndi deti. Mutu wake ukhale ndi nambala ya pangano lanu la inshuwalansi, ndipo ngati anakupatsani nambala ya kileyimu, ndiye kuti ya pempho lanu loti akulipireni, pomwe munawaimbira, ikhalenso pomwepo. Ndime yoyamba nenani zimene zinachitika mosakometsera: tsiku, nthawi imene munazindikira, analowera pati, anathyola chiyani, m'nyumba munali ndani. Nenani tsiku limene munakanena kupolisi, siteshoni yake, ndi nambala ya lipoti. Madeti amenewa afanane ndendende ndi a mu lipoti. Ngati simukudziwa ola limene analowa, lembani kuti pakati pa nthawi yakuti ndi yakuti, osangoponya ola la m'mutu. Ngati nyumba inali yopanda munthu, nenani masiku ake moona, chifukwa mapangano ambiri ali ndi malire a masiku amene nyumba ingakhale yokha, ndipo adzafunsa aneba.

Mndandanda ndiye mtima wa kalata yonse. Chinthu chilichonse mzere wakewake: dzina lake, kampani imene inapanga, mtundu wake, siliyo nambala, chaka chimene munagula, munagula zingati, lero chikugulidwa zingati. Osangolemba kuti tivi, lembani kuti ya mainchesi 43, ya kampani yakuti, nambala yakuti. Nambalazo yang'anani pa makatoni ngati munasunga, kapena pa khadi la galanti. Foni ili ndi nambala yake ya IMEI, imakhala pa katoni. Amene mafoni anu akadali m'manja, imbani *#06# pompano mulembe penapake. Malisiti ngati anasowa, musataye mtima. Ine laputopu anaivomera chifukwa cha sitetimenti ya kubanki yoonetsa tsiku limene ndinalipira, ndipo dikoda inaoneka kumbuyo pa chithunzi cha tsiku lobadwa la mwana. Fufuzani zithunzi zakale mu foni ndi pa WhatsApp, limoti yotsala, buku la malangizo, chaja, zonsezo ndi umboni woti chinthucho chinalipo. Mitengo ya lero katengeni makoteshoni olemba ku mashopu, awiri pa chinthu chachikulu chilichonse. Musawonjezere chinthu chimene sichinabedwe ngakhale wina akuuzeni kuti onse amatero, akapeza bodza limodzi akhoza kukana zonse. Koma mitengo musaichepetse chifukwa cha manyazi, lembani ya lero yeniyeni, kudula adzadula okha.

Kumapeto lembani zonse zimene mwaphatikiza, sainani, ndipo mupemphe kuti akuyankheni polemba. Pangani fotokope ya pepala lililonse. Pokapereka, kope yanu akudindireni chidindo cha deti. Lipoti lenileni la apolisi akalifuna apatseni, koma inu mutsale ndi kope yake, langa linasowa mu fayilo yawo kamodzi.

Onaninso m'pangano lanu masiku amene anakupatsani. Lathu linkati tiwadziwitse msangamsanga, ndipo zolemba zonse zifike pasanathe masiku 30. Ndiye fulumirani, ngakhale lipoti lokonzedwalo lisanatuluke tumizani kalata yachidule yowadziwitsa, munene kuti mndandanda wonse ukubwera. Koma mndandandawo musauthamangire, dzipatseni masiku angapo mukutsegula kabati iliyonse.

Akadzakupatsani pepala loti musaine kuvomera ndalama imene awerengera, musasaine pomwepo. Pepala limenelo likatha kusainidwa nkhani yatsekedwa. Pemphani kuti akulembereni mmene afikira pa nambalayo, chinthu ndi chinthu, mupite nalo kunyumba. Mukaona kuti sizikumveka, dandaulani polemba ku kampaniyo, ndipo akapanda kukuthandizani, makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, kumeneko amalandira madandaulo a anthu. Ine ndinasaina tsiku lomwelo, fizi ya teremu yachitatu inali itandipanikiza ndipo ndinali nditatopa, ndipo mwina ndikanakhalanso pomwepo lero ndikanasainabe. Mashini a mayi anga sanalowe m'ndalama imeneyo. Ngati mukufuna, ndilembereni kumbali ndikutumizireni chithunzi cha mndandanda wanga muone mmene ndinaikira mizere.