Kumene mabwana amabisa dzanja powerengera ngongole zokayikitsa

"Ndangoyamba ntchito ya uodita. Andipatsa ndalama imene kampani yapatula pa ngongole zokayikitsa kuti ndiifufuze. Ndawonkhetsa ndipo masamu onse akugwirizana. Ndisayine?"

Musasayine kaye. Masamu sakonda kulakwika pa ntchitoyi, chinyengo chimalowera pa manambala amene apatsidwa kwa masamuwo.

Pansi pa IFRS 9, ndondomeko ya kalembedwe ka malipoti a zachuma imene inayamba kugwira ntchito mu 2018, makampani ambiri ogulitsa katundu pangongole amagawa ngongolezo malinga ndi msinkhu wake, gulu lililonse ndi peresenti yake. Tiyerekeze kampani ya holoselo. Ngongole zosapitirira masiku 30 ndi K400 miliyoni, amapatula 1 peresenti, ndiye K4 miliyoni. Za masiku 31 mpaka 90 ndi K150 miliyoni pa 5 peresenti, ndiye K7.5 miliyoni. Zopitirira masiku 90 ndi K50 miliyoni pa 40 peresenti, ndiye K20 miliyoni. Zonse pamodzi K31.5 miliyoni.

Tsono bwana amene bonasi yake imadalira phindu safunika kukhudza peresenti iliyonse. Amangolemba kirediti noti yofafaniza invoisi yakale ya K30 miliyoni, kenako nʼkutulutsa ina yatsopano ya ndalama yomweyo. Ngongole yokalamba yasanduka yakhanda, yachoka pa 40 peresenti kufika pa 1 peresenti. Ndalama yopatula yatsika ndi K11.7 miliyoni, phindu lakwera chimodzimodzi, koma masamu akugwirizanabe. Choncho tengani mainvoisi a mʼgulu la masiku 30 muwayerekeze ndi zikalata zoperekera katundu. Invoisi ya Disembala ya katundu amene anatuluka mu Juni yadziulula yokha. Onaninso makirediti noti onse a mwezi wotseka chaka.

Maperesenti nawonso afunseni kumene achokera. Amawerengedwa kuchokera ku ngongole zimene zinafafanizidwa zaka zamʼmbuyo, ndiye kampani yozengereza kufafaniza imaoneka ngati siluza. Komanso mbiri yakale payokha siikwanira: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, peresenti ya zaka zabwino inasiya kunena zoona za makasitomala ambiri.

Chida chimene ndimachiona chakuthwa kuposa zonse ndi kubwerera mʼmbuyo, monga ISA 540, ndondomeko ya maodita yofufuzira manambala ongoyerekeza, imafunira. Ngati chaka chatha anapatula K25 miliyoni koma zimene zatayika zafika K41 miliyoni, mwina kunali kuphonya chabe. Zikachitika zaka zitatu, nthawi zonse mbali yokomera phindu, kumeneko ndi kukondera. Mbali inayo iliponso: ena amapatula zochuluka chaka chabwino kuti adzazibweze chaka chovuta.

Akakuuzani kuti kasitomala analipira chaka chitatha, onani sitetimenti ya kubanki, osati buku lawo lokha, ndipo tsimikizani kuti ndalamayo inalipira invoisi yakaleyo. Mukawerengera nokha nʼkupeza kuti yoyenera ili pakati pa K38 miliyoni ndi K45 miliyoni, pamene iwo alemba K31.5 miliyoni, lembani kusiyana kosachepera K6.5 miliyoni pa ndandanda ya zolakwika, mupite nayo kwa amene akutsogolera gulu lanu.