Kusintha mitundu sikuchotsa mwini chithunzi

"Ndapeza chithunzi cha woimba wina pa Facebook. Ndikufuna ndichijambulenso pa kompyuta, ndichipake mitundu yowala ngati mmene ankachitira Andy Warhol, kenako ndidinde pa matisheti ogulitsa. Poti ndachisintha, si changa basi?"

Achimwene, apa pali nkhani ziwiri, tisaziphatikize. Kajambulidwe ka katswiri wa zojambulajambula wa ku Amereka uja Warhol, mitundu yothobwa m'maso ija ndi mizere yozungulira nkhope, tengerani mmene mungafunire. Lamulo la kopiraiti siliteteza kachitidwe, limateteza ntchito yeniyeni imene munthu anapanga. Bola musalembepo dzina lake ngati kuti wajambula ndi iyeyo.

Pogona nkhani ndi pa chithunzicho. Kawirikawiri mwini wake ndi amene anadina kamera, osati woimbayo, ndipo kuchiika pa Facebook sikutanthauza kuti wachitaya.

Choseketsa n'chakuti ntchito ya Warhol yemweyo inakodwa mumsampha womwewu ku Amereka. Mu 1981, Lynn Goldsmith anajambula woimba Prince. Mu 1984 magazini ya Vanity Fair inamulipira mayiyu madola 400 kuti Warhol atengerepo chojambula chotuluka kamodzi kokha. Iye anapanga zojambula 16. Prince atamwalira mu 2016, eni magaziniyo analipira bungwe losunga ntchito za Warhol madola 10,000 kuti aike chimodzi cha zojambulazo, chamtundu wa lalanje, pachikuto. Goldsmith sanalandire kanthu, ngakhale dzina lake silinatchulidwe. Mu 2023 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera mayiyu, oweruza 7 kwa 2. Silinakane kuti chithunzicho chinasinthidwa. Linafunsa kuti chikugwira ntchito yanji, ndipo linapeza kuti zonse ziwiri zimagulitsidwa kwa eni magazini kuti zikongoletse nkhani za Prince. Ntchito imodzi, msika umodzi.

Limenelo ndi lamulo la kwawoko, koma kuno ku Malawi musayembekeze kuti zikupepukirani. Lamulo lathu la 2016 limapatsa mwini ntchito mphamvu yololeza kapena kukana kuti isinthidwe. Mipata ilipo, monga pophunzitsa kapena pogwiritsa ntchito panokha, koma malonda a matisheti mulibemo. Zija amati ukasintha pang'ono chabe ndiye kuti wapulumuka ndi nkhambakamwa za m'minibasi.

Dziyeseni chonchi: ikani chojambula chanu pamwamba pa chithunzicho, muchepetse Opacity ifike pa 50% kuti chithunzi chapansicho chizionekera. Ngati kupendeketsa mutu, mthunzi wa pansi pa chibwano ndi mmene tsitsi lagwera zikukhalana ndendende, mwakopera, olo mitundu ikhale ya utawaleza. Zimenezo ndi zomwe wodina kamera uja anasankha.

Ine ndikanamusaka wojambulayo, nthawi zina dzina lake limakhala pakona pa chithunzi, n'kulemberana naye: matisheti angati, kwa miyezi ingati, ndalama zingati, komanso mawu oti walola kuti chisinthidwe. Mukasowa poyambira, funsani ku COSOMA, bungwe loona za kopiraiti kuno ku Malawi. Woimbayonso mumuuze, chifukwa nkhope yake pa katundu wogulitsa imapangitsa anthu kuganiza kuti malondawo ndi ake.