Ndaombeza kasanu za mwamuna mmodzi, ndikhulupirire yankho liti?

"Ine ndi chibwenzi changa tinasiyana miyezi iwiri yapitayo. Sabata ino ndayala makadi oombezera a taroti kasanu, atatuatatu, funso lake lomwelo: kodi adzabwerera? Poyamba panatuluka Malupanga 3, Makapu 8 ndi Nyenyezi, mtima unandiwawa, ndinabwereza. Kachitatu panatuluka Makapu 2, ndinasangalala. Dzulo patuluka Nsanja, khadi la kugwa kwa zinthu. Zoona ndi ziti?"

Achemwali, pepani ndi zomwe mukudutsamo. Gwirani kuyala koyamba kuja, kwinako kusiyeni. Ndifotokoze chifukwa chake.

Mpukutu wa taroti uli ndi makadi 78. Mukasakaniza bwino n'kutola atatu motsatana, pali njira 456,456 zomwe angatulukire. Ndiye kusiyana kwa mayankho anu si chizindikiro choti mwamunayo akusinthasintha maganizo usiku uliwonse. Makadi osakanizidwa amatero basi, kaya munthu amakhulupirira kuti amalosera kapena amangowatenga ngati chida chomuthandiza kuganiza.

Tsono taonani izi. Mwa makadi 78 aja, 14 ndi a Makapu, gulu lomwe limawerengedwa kuti ndi la chikondi ndi zamumtima. Pa kuyala kumodzi kwa makadi atatu, mwayi woti patuluke khadi la Makapu ngakhale limodzi ndi pafupifupi 45 pa 100. Mukayala kasanu, mwayiwo umakwera kufika pa 95 pa 100. Kunena kwina, munthu wobwerezabwereza sangalephere kupeza kakhadi komutonthoza. Ndipo sangalepherenso kupeza komuopseza, poti Malupanga nawonso alipo 14. Panopa muli ndi makadi 15 patebulo, ena akuti inde, ena ayi, ndipo amene akusankha loti alimvere ndinu, malinga ndi mmene mwadzukira tsikulo. Tanthauzo limasokonekera pamenepo.

Palinso china chomwe chimachitika mwakachetechete. Ngakhale mawu a funso ali omwewo, chomwe mukufunsa chimasintha. Koyamba munafunsa za ubwenzi wanu. Kachiwiri munali mukufunsa ngati makadi oyamba ananena zoona, ndipo pofika kachisanu mtima unkangofuna wina woti auuze kuti zikhala bwino. Nkhaniyi si yatsopano. Buku lakale la maula la ku China, Yijing, pa chizindikiro chake chachinayi limanena kuti wofunsa koyamba amayankhidwa, koma wofunsa kawiri katatu akuvutitsa, ndipo sayankhidwanso.

Tibwerere ku makadi anu oyamba, chifukwa ndikuona kuti munawathawa musanawamvetse. Ndikutengera zithunzi za mpukutu wofala uja wa 1909, wojambulidwa ndi Pamela Colman Smith. Pa Malupanga 3 pali mtima wolasidwa ndi malupanga atatu, mvula ikugwa. Ngati munayala mwa dongosolo la zakale, zalero ndi zamtsogolo, khadi limeneli lili pa zakale: ndi bala lomwe mukulidziwa kale, silikulosera lina. Pa Makapu 8 pali munthu wogwira ndodo, wafulatira makapu osanjikizidwa bwino, akulowera kumapiri usiku. Ambiri amafulumira kunena kuti ameneyo ndi mwamunayo akuchoka. Mwina. Koma khadi lili pa malo a lero, ndipo wofunsa ndinu, choncho dzifunseni ngati woyenera kunyamukayo si inuyo. Kenako Nyenyezi: mkazi wagwada m'mbali mwa dziwe, akuthira madzi m'dziwemo ndi pamtunda. Limeneli ndi khadi la kuchira ndi chiyembekezo. Silikunena kuti abwerera, silikunenanso kuti sabwerera. Likukamba za inu. Kunena zoona, kuyala kumeneku sikunali koipa monga munakuonera. Kunangokana kukupatsani inde yemwe munkamufuna.

Mwina mufunsa kuti, kodi ndiye osadzafunsanso? Mutha kufunsanso pakachitika chinthu chenicheni chatsopano: wakuimbirani, mwakumana n'kukambirana, kapena mwamva kuchokera kwa iye mwini kuti ali ndi wina. Kuona kuti wasintha chithunzi pa foni si chinthu chatsopano. Popanda zotere, ine ndimalangiza kudikira mwezi wathunthu. Si lamulo la taroti, ndi nthawi yongokwanira kuti moyo usunthe pang'ono.

Nanga khadi lofotokozera, lija amatola kuti liunikire lomwe silikumveka? Limodzi ndi lokwanira, ndipo mutole pamene simunamvetse, osati pamene simunakonde. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: ngati mukanalandira Makapu 2 simukanatolanso lina, ndiye kuti vuto silinali kusamvetsa.

Chomwe ndingakupempheni sabata ino ndi ichi. Lembani m'kope tsiku, funso ndi makadi atatu oyambawo, pamodzi ndi zomwe mukuona pa chithunzi chilichonse, kenako muike mpukutuwo patali. Mwezi ukatha muwerengenso zomwe munalemba. Mukadzayalanso, funso lidzakhale lomwe yankho lake mungalichitirepo kanthu, monga lakuti "n'chiyani chikundiletsa kuvomereza mmene zinthu zilili?" Koma loti adzabwerera kapena ayi, amene angaliyankhe ndi mwini wakeyo. Ngati kulankhula naye sikungakuikeni pa ngozi, mufunseni kamodzi, momveka bwino, ndipo ngati sayankha mutenge kuti yankho ndi lomwelo.