Mapazi atupa, kodi ndi bipi?

"Ndili ku Senga Bay, ndimagulitsa usipa. Mimba yanga ndi yoyamba, ya masabata 34. Madzulo mapazi ndi akakolo zimatupa mpaka patapata amandithina. Apongozi akuti ndi kutentha chabe. Kusikelo ndinapita pa masabata 30, bipi inali 112/70, tsiku lobwerera ndinajomba. Ndide nkhawa?"

Mayi, apongozi anu akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma iwo kapena ine sitingadziwe pongoyang'ana mapazi. Chimene chingakuuzeni ndi makina oyezera bipi.

Mayi akakhala woyembekezera, magazi ndi madzi zimachuluka m'thupi. Chiberekero chikamakula chimapanikiza mtsempha waukulu wobweza magazi kuchokera m'miyendo kupita kumtima, ndiye madzi amadikha kumapazi. Mukaonjezapo kuima tsiku lonse pamchenga ndi dzuwa la ku Salima, kutupa sikungalephere. Kutupa kotereku kumabwera pang'onopang'ono, kumagwira mapazi onse awiri, kumakula madzulo, ndipo mukadzuka m'mawa kumakhala kutaphwa. Muzikhala pansi n'kusanjika miyendo pampando, muzigonera kumanzere, ndipo madzi muzimwa monga mwa nthawi zonse. Kudzimana madzi sikuphwetsa mapazi.

Chondidetsa nkhawa ndi tsiku munajombalo. Pali matenda a kuthamanga kwa magazi amene amayamba mimba ikapitirira masabata 20, achipatala amati puliekilampusiya, ndipo amakonda kugwira a mimba yoyamba, a mapasa, ndi amene anali kale ndi bipi, shuga kapena vuto la impso. Gwero lake ndi nsengwa imene sinagwirane bwino ndi mitsempha ya chiberekero. Mitsempha ya mayi imafinyika, bipi imakwera, impso zimayamba kutaya mapuloteni mumkodzo, mwana naye salandira chakudya chokwanira. Choopsa chake n'chakuti poyamba sapweteka. Mayi wina amatupa kwambiri koma alibe matendawa, wina mapazi ali bwinobwino koma bipi ili pamwamba. 112/70 yanuyo inali yabwino, koma ndi ya mwezi wapitawo, ndipo matendawa atha kubuka m'masiku ochepa.

Choncho mawa m'mawa tengani buku lanu mupite kusikelo. Musaope kuti anamwino akukalipirani chifukwa chojomba, pitani basi. Mukafika pumani kaye mphindi zisanu musanayezedwe, muli chikhalire. Akapeza 118/76 mkodzo uli bwino, ndi kutupa wamba, mubwererenso pa masabata 36, 38 ndi 40. Akapeza nambala yapamwamba yafika 140, kapena yapansi yafika 90, ayenera kuyezanso pakapita maola anayi ndi kuviika kapepala mumkodzo kuti aone mapuloteni. Ngati sanatchule za mkodzo, funsani. Ikafika 160 pamwamba kapena 110 pansi, palibenso zobwerera kunyumba: amapereka mankhwala otsitsa bipi, amabaya jakisoni wa maginiziyamu salufeti woteteza kukomoka, n'kukutumizani kuchipatala chachikulu cha boma ku Salima. Mankhwalawa amangogwiriza. Matendawa amayamba kutha mwana ndi nsengwa zikatuluka, n'chifukwa chake madokotala amayambitsa zowawa za kubereka pa masabata 37, kapenanso msanga ngati zavuta.

Koma pali zina zimene mukaziona musadikire kuti kuche. Nkhope ikatupa m'mawa, zikope zikalemera, zala zikafufuma mpaka mphete kukana kuvuka, makamaka zikachitika mwadzidzidzi, nyamukani. Chimodzimodzi mutu waukulu wosamva panado, maso kuchita chimbuuzi kapena kuona tinyenyezi, kubanika, mwana kuchepetsa kugunda. Palinso ululu wa pansi pa nthiti kumanja kapena pachifu, nthawi zina ndi kusanza. Umenewu umapusitsa ambiri chifukwa amauyesa chilungulira, pamene ndi chiwindi chikuvutika. Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kudzutsa wanjinga yamoto usiku.

Auzeninso apongozi ndi bambo akunyumba kuti mukadzagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu, akugonekeni chammbali, asakuikeni sipuni kapena chala m'kamwa, asakumwetseni kanthu, athamange nanu kuchipatala.

Ngati watupa ndi mwendo umodzi wokha, katumba akupweteka ndi kutentha, imeneyo ndi nkhani ina: mwina magazi aundana mumtsempha. Musautikite, pitani tsiku lomwelo. Ndipo mukadzachira musataye tcheru, pakuti bipi imeneyi itha kukwera mpaka masabata 6 mwana atabadwa, makamaka sabata yoyamba. Mutu ukadzakuwawani muli chikuta, kayezetseni.