Mawu akuti "wakuba" ndi amene mudzafunsidwe umboni wake

"Ndinapatsa kalipentala theka la ndalama kuti andikhomere makabati. Anabwera kawiri, anagula matabwa ochepa, kenako zii miyezi inayi, foni osayankha. Ndinaika chithunzi chake pa Fesibuku n'kulemba kuti: 'Chenjerani, uyu ndi wakuba. Anandidyera ndalama, ndipo ndamva kuti wabera anthu ambiri.' Lero ndalandira kalata ya loya wake yoti ndamuipitsira mbiri, ndifufute, ndipepese, ndilipire. Koma zonsezi n'zoona! Angandisumire bwanji pomwe wolakwiridwa ndine?"

Pepani mayi, zimawawa kutaya ndalama kenako n'kulandiranso kalata yoopseza. Koma ndikuuzeni mosabisa: angathe kukusumirani, ndipo kulakwiridwa kwanu pakokha sikukutetezani. Nkhani ya ndalama zanu ndi mlandu wina, nkhani ya mawu anu ndi mlandu winanso. Mutha kupambana woyambawo n'kugwa pa wachiwiri.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma m'maiko ambiri amene anatengera malamulo a ku England, wodandaula amangofunika kuonetsa zinthu zochepa. Aonetse kuti mawuwo anafika kwa munthu wina kupatula iye mwini, kuti owerenga anazindikira kuti akunenedwa ndi iyeyo, komanso kuti mawuwo ndi otsitsa munthu pamaso pa anthu oganiza bwino. Mukanamulembera uthenga wa yekha womutchula wakuba, pakanakhala palibe mlandu woipitsa mbiri, chifukwa mbiri ya munthu imakhala m'mitu ya anthu ena. Koma inu munaika chithunzi poyera, ndipo kunena munthu wodya za manja ake kuti ndi wakuba kumamukhudza penipeni pomwe amapezera chakudya. Mbali yakeyo ndi yosavuta. Ku England lamulo la 2013 linawonjezera kuti wodandaula aonetsenso kuti mbiri yake yaonongeka kwambiri, kapena kuti iwonongeka, koma m'maiko ena ambiri khothi limangotenga kuti mawu olembedwa oipa aononga kale.

Tsono apa ndi pomwe anthu ambiri amadabwa. Iye sayenera kutsimikizira kuti munanama. Mukati "n'zoona", mtolo wa umboni uli pamutu panu. Ndipo chimene muyenera kutsimikizira si chimene munali kutanthauza mumtima mwanu, koma chimene munthu wamba wowerenga anamva. Ndiye tiyeni tiswe positi yanu, chifukwa muli mawu atatu osiyana, ndipo sali ndi mphamvu zofanana.

"Anandidyera ndalama." Awa ndi olimba kuposa onse. Ngati muli ndi risiti, uthenga wosonyeza kuti ndalama zinapita, mameseji okumbutsa omwe sanayankhe, ndi zithunzi za khoma lopanda makabati, mungaonetse kuti analandira ndalama ndipo ntchito sanamalize. Lamulo silifuna kuti kachinthu kalikonse kakhale ndendende. Likufuna kuti chimake cha nkhani chikhale choona. Mukanalemba miyezi inayi pomwe inali itatu ndi theka, palibe woweruza angakugwetseni pa zimenezo.

"Uyu ndi wakuba." Apa mpamene pali nkhondo. Kuba kumatanthauza kusaona mtima, kuti munthu anatenga ndalama alibe cholinga chogwira ntchito. Loya wake adzagwira zomwe mwanena nokha: anabwera kawiri, anagula matabwa. Adzati wakuba sagula matabwa. Adzati munthuyu anadwala, kapena anachulukidwa ntchito, kapena mitengo ya zipangizo inakwera, ndipo zimenezi ndi kuphwanya mgwirizano, osati umbava. Mmisiri wosadalirika ndi mbava ndi anthu awiri osiyana pamaso pa khothi, ngakhale ululu umene amasiya m'thumba mwanu uli umodzi.

Muli ndi poyankhira, ndipo si pachabe. Makhothi ayamba kuvomereza kuti zolemba za pa Fesibuku siziwerengedwa ngati chikalata cha loya. Mu 2019 khothi lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula mlandu wa Stocker v Stocker. Mayi wina analemba pa Fesibuku kuti mwamuna wake wakale anayesa kumukanyanga pakhosi. Bamboyo atamusumira, woweruza woyamba anatsegula dikishonale n'kunena kuti mawuwo akutanthauza kuti anafuna kumupha, ndipo poti mayiyo sanathe kutsimikizira cholinga chakupha, anagwa. Khothi lalikulu linatembenuza chigamulocho. Linati munthu wa pa Fesibuku amawerenga mothamanga, akudutsa, sakhala pansi kusanthula liwu lililonse, ndipo akanangomva kuti bamboyo anagwira mkaziyo pakhosi mwamphamvu, zomwe umboni unaonetsa kuti zinachitikadi. Choncho loya wanu angati owerenga anamva "wakuba" ngati kulira kwa kasitomala wokwiya chifukwa cha ndalama zomwe zatchulidwa pomwepo.

Palinso chitetezo chakuti awa anali maganizo anu oona mtima. Chitetezochi chimagwira ngati owerenga angaone kuti awa ndi maganizo, ngati mwaonetsa zenizeni zomwe maganizowo atsamirapo, ndipo ngati munthu woona mtima angaganize choncho pa zenizenizo. Mukanalemba kuti munalipira theka tsiku lakuti, anabwera kawiri, miyezi inayi yadutsa osayankha foni, ndiye kwa inu uku n'kubera munthu, mukanakhala pamalo abwino kwambiri, chifukwa wowerenga ali ndi zonse ndipo angaweruze yekha. Vuto ndi lakuti munayamba ndi chigamulo, zenizeni n'kuzisiya. Za kubwera kawiri ndi matabwa simunazitchule konse. Ndipo ndichenjeze ena owerenga pano: kuika "ndikuganiza kuti" kutsogolo kwa chinenezo sikuchisandutsa maganizo.

Mawu achitatu ndi amene akundidetsa nkhawa: "ndamva kuti wabera anthu ambiri." Anthufe timaganiza kuti "ndamva" kapena "akuti" ndi chishango. Si chishango ayi. Wobwereza mawu oipitsa mbiri amatengedwa ngati wawanena yekha. Sikokwanira kutsimikizira kuti munamvadi, muyenera kutsimikizira kuti anaberadi anthu ambiri. Ndani anakuuzani? Anthuwo ali ndi maina? Angavomere kuima m'khothi ndi marisiti awo? Ngati alipo atatu kapena anayi omwe anachitidwa chimodzimodzi, kulipira theka, kubwera kamodzi kapena kawiri, kenako kusowa, nkhani yonse yatembenuka, chifukwa chizolowezi chotere ndicho chimaonetsa kusaona mtima, ndipo chimalimbitsanso liwu lija la "wakuba". Koma ngati munangomva kwa munthu yemwe nayenso anangomva, chiganizo chimenechi chilibe mwendo woimira. Choipanso n'chakuti chimawononga yankho lija loti munali kungolira ndi ndalama zanu, poti chikuuza owerenga kuti uyu ndi mbava yozolowera.

Ena akuuzani kuti munali kuchenjeza anthu, ndiye ndinu otetezedwa. Chitetezo chotere chilipodi, koma n'chopapatiza. Chimaphimba mawu onenedwa kwa munthu amene ali ndi udindo kapena chifukwa chomveka chowamvera, monga kukadandaula kupolisi, kapena kuyankha moona mtima mnzanu amene wakufunsani ngati angamulembe ntchito mmisiriyo. Ngakhale mutalakwitsa, mumatetezedwa, pokhapokha zitaoneka kuti munadziwa kuti n'zabodza, kapena simunasamale n'komwe ngati n'zoona, kapena cholinga chanu chachikulu chinali kumupweteka. Kulengeza kwa aliyense wa pa intaneti nthawi zambiri kumapyola malire a chitetezochi. Dziwaninso kuti kwina, monga ku South Africa, choonadi chokha sichikwanira, pamafunikanso kuti kuulula kwake kukhale kopindulira anthu.

Musadalire zoti inali positi chabe. Mu 2013 khothi la ku London linapeza kuti Sally Bercow anaipitsa mbiri ya wandale wina, Lord McAlpine, ndi kafunso kamodzi ka pa Twita, kofunsa chifukwa chimene dzina la bamboyo linali pakamwa pa aliyense, n'kuwonjezera mawu osonyeza nkhope ya munthu wosadziwa kanthu. Sanatchule mlandu uliwonse, koma owerenga ankadziwa mphekesera yabodza yomwe inkayenda masiku amenewo, ndipo analumikiza okha. Mlandu umene ndikufuna muuganizire kwambiri ndi wa Jack Monroe ndi Katie Hopkins, olemba nkhani a ku Britain. Hopkins anasokoneza Monroe ndi munthu wina n'kulemba pa Twita mawu osonyeza ngati Monroe amavomereza kuononga zipilala zokumbukira ankhondo. Monroe anati apepese ndi kupereka mapaundi 5,000 kwa othandiza ovutika, nkhani ithe. Hopkins sanatero. Mu 2017 khothi linamulamula kulipira mapaundi 24,000, ndipo ndalama za maloya zinali zochuluka kuposa pamenepo kutalitali. Uthengawo Hopkins anali ataufufuta tsiku lomwe anaulemba, koma kufufuta kokha sikunathetse mlandu.

Ndiye chochita ndi ichi. Musanafufute kanthu, jambulani positi yonse, tsiku lake, makomenti, chiwerengero cha omwe anasheya, komanso ngati inali yoonekera kwa aliyense kapena kwa anzanu okha. Kuchuluka kwa owerenga kumakhudza kukula kwa chipukutamisozi, ndipo simukufuna kuti nambala zikachokere kwa iye yekha. Mukatero ichotseni. Kuchotsa sikutanthauza kuti mwavomera kulakwa, koma tsiku lililonse ikakhalapo anthu atsopano akuwerenga, ndipo zomwe ena akusheya kuchokera kwa inu zingawerengedwe pa kuonongeka komwe munayambitsa. Kalata ya loyayo musaiike pagulu, ndipo musatume abale kukamunyoza m'makomenti. Zimenezo ndi zomwe loya wake adzagwiritse ntchito kuonetsa kuti munali ndi njiru, ndipo zimakweza chipukutamisozi.

Onani tsiku lomwe kalatayo yati muyankhe, ndipo lisadutse muli chete. Pitani kwa loya wa dziko lanu ndi marisiti, mameseji, ndi maina a anthu aja ngati alipo. Musasaine chipepeso chomwe iwo alemba musanachiwerenge ndi loya, chifukwa zambiri zimati "zonse zomwe ndinanena zinali zabodza", ndipo mawu amenewo angakupwetekeni pokatenga ndalama zanu. Mungathe kubweza chiganizo cha anthu ambiri, kubwezanso liwu la "wakuba" ngati umboni sukufika, koma osabweza zoti analandira ndalama ndipo ntchito sanamalize. Kumbukirani kuti nayenso ali ndi choopa: akasuma, mameseji onse a miyezi inayi adzawerengedwa poyera m'khothi. N'chifukwa chake yankho lanu likhale ndi mbali ziwiri m'kalata imodzi, zomwe mukuvomera kukonza pa mawu, ndi ndalama zomwe mukufuna akubwezereni mutachotsapo mtengo wa matabwa aja, ndi tsiku lomwe mukuzifunira.