Kusintha paliponse nthawi imodzi

"Ndikufuna kusintha 150 kukhala 180 mu fayilo ya malipiro a alimi a tiyi. Ndingodina Replace All basi?"

Achimwene, musadine kaye. Kompyuta siona mtengo, imangoona zilembo zitatu zotsatana, 1, 5 ndi 0, ndipo paliponse zapezeka imazisintha.

Tiyerekeze kuti fayilo ya gulu lanu ku Thyolo kuno ili ndi mzere uwu, nambala ya mlimi, makilo ndi mtengo:

```
2150,1500,150
```

Mukadina, utuluka chonchi:

```
2180,1800,180
```

Mtengo wasinthadi. Koma mlimi 2150 wasanduka 2180, yemwe mwina ndi munthu wina, ndipo makilo 1500 akwera kufika 1800. Choopsa n'chakuti fayiloyo itseguka bwinobwino osadandaula. Vuto lidzaonekera tsiku lolipira, anthu ali pamzere.

Kubweza 180 kukhala 150 sikuchiza, chifukwa ma 180 omwe analipo kale asinthika nawo. Chothandiza ndi Ctrl+Z musanatseke, kapena kope yomwe munasunga musanayambe.

Mu Excel, sankhani ndime ya mtengo yokha, kenako chongani Match entire cell contents. Apo 1500 sakhudzidwa. Komabe mlimi amene wathyola makilo 150 enieni angasinthidwe ngati mwasiya kusankha ndimeyo, n'chifukwa chake ziwirizi zimayendera limodzi.

Ine ndimayamba ndi Find All n'kuwerenga. Alimi akakhala 40 koma zapezeka 57, ndiye kuti 17 zinazo si mitengo, kaziyang'aneni musanasinthe kanthu.